Ndinawasiya pa tsiku la 12: za mapiritsi oteteza ku mutu waching'alang'ala

Mutu wanga umayambira kuseri kwa diso la kumanzere. Umayamba ngati kachinthu kolemera basi, koma pakamatha ola limodzi umakhala ukugunda ngati wina akusinja mumtondo, ndipo ndikawerama kuti nditole choko pansi umagunda kawiri. Kuwala kumandilasa. Fungo la utsi kapena la mafuta okazingira limandibweretsera nseru, ndipo nthawi zambiri ndimasanza. Ndikapanda kuchitapo kanthu umatha tsiku lathunthu, pena masiku awiri, ndipo ukachoka umandisiya wofooka ngati munthu amene wangodzuka kumene ku malungo. Amene amaudwala akudziwa kale kuti ndikunena mutu waching'alang'ala.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, mayi wa ana awiri. Mutuwu ndinayamba nawo ndili ku sekondale, koma nthawi imeneyo unkabwera kamodzi pamwezi, makamaka ndikatsala pang'ono kusamba. Ndinkamwa panado, kugona m'chipinda cha mdima, mawa lake n'kudzuka bwinobwino. Zinasintha nditabereka mwana wachiwiri. Unayamba kubwera sabata iliyonse, kenako kawiri pasabata, kenako ndinaleka kuwerenga. M'chikwama mwanga simunkasowa panado ndi bufeni. Ndinkagula pa okala ya pafupi ndi sukulu ngati mmene ena amagulira mayunitsi a foni, mpaka mwini okala ankangondiona n'kutambasulira dzanja ku shelefu ndisanalankhule.

Malungo ndinayezetsa kosawerengeka, osapezeka. Magazi ankathamanga bwinobwino. Apongozi anga, mwachikondi ndithu, anapita nane kwa munthu wina amene ananditema mphini m'mbali mwa mutu, ndipo zipsera zake ndili nazo mpaka lero. Mutuwo sunachoke.

Ulendo woyamba umene ndinapatsidwa mankhwala oteteza, ndinawawononga ndekha, ngakhale kuti mlandu suli kwa ine ndekha. Pa mzere panali anthu ambiri, adokotala anandimvetsera mphindi zochepa, n'kulemba m'buku langa la kuchipatala kuti ndizimwa puropuranolo, piritsi limodzi la mamiligalamu 40 m'mawa, lina madzulo. Pa windo la mankhwala anangoti, "Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, mayi." Palibe amene anandiuza kuti mankhwala amenewa si opha ululu. Ine m'mutu mwanga mankhwala a mutu anali amodzi okha: umamwa, umadikira theka la ola, ululu umachepa. Tsiku lachitatu mutu unandigwira, ndinamwa piritsi langa, ndinadikira, palibe chinasintha. Ndinapirira. Tsiku la 8 unabweranso, tsiku la 12 unabweranso mwamphamvu mpaka ndinasiya ana m'kalasi. Madzulo ake ndinaponya mapiritsiwo mu kabati n'kuuza bambo a kunyumba kuti andipatsa mankhwala a bipi pomwe ine ndilibe bipi. Mnzanga wina anali atawaona n'kundiuza kuti amayi ake ankamwa omwewo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiye ndinangoti adokotala aja anasokoneza.

Sanasokoneze. Koma zinanditengera miyezi 7 ina ya ululu kuti ndidziwe zimenezo.

Amene anandithandiza ndi adokotala ena, pa chipatala china, tsiku limene kunalibe anthu ambiri. Nditayamba kufotokoza mmene mutu umandipwetekera, anandidula mwaulemu n'kundifunsa funso limene sindinafunsidwepo: "Aphunzitsi, pamwezi ndi masiku angati amene mutu wanu umakhala woyera, osamva kalikonse?" Ndinati mutu umandigwira mwina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pamwezi. Iwo anati sanafunse zimenezo. Ndinakhala chete, chifukwa nditaganiza bwino, masiku oyerawo anali ochepa. Ndinkawerenga masiku ogona okha, pomwe masiku amene mutu unkangolemera, ine n'kumwa panado n'kupita kuntchito, sindinkawatenga ngati matenda.

Sanandipatse mankhwala tsiku limenelo. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kundiwunika m'maso, kundiyendetsa, kundigwiritsa manja awo kuti aone mphamvu za mbali zonse ziwiri, kenako anandituma kuti ndikalembe kwa mwezi umodzi. Kalendala wamba wa pakhoma ndi wokwanira. Tsiku limene mutu wapweteka koma ndagwira ntchito, ndizilemba kamzere. Tsiku limene wandigoneka kapena wabwera ndi nseru ndi kudana ndi kuwala, ndizilemba mtanda. Tsiku lililonse limene ndamwa opha ululu, kaya piritsi limodzi kaya asanu ndi limodzi, ndizizunguliza deti. Masiku osamba ndiziika kadontho kofiira. Ndinatuluka nditakhumudwa, poti munthu ukalipira minibasi umafuna kubwerako ndi kanthu m'manja. Lero ndimaona kuti kalendala ameneyu ndi amene anandichiza theka la matenda, chifukwa popanda iye sindikanadziwa kumene ndinayambira, ndipo munthu wosadziwa kumene anayambira sangadziwe ngati akuchira.

Mwezi wa Malichi unatuluka chonchi: masiku 18 a mutu, mwa amenewo 10 a mtanda, ndipo madeti ozunguliza anali 20. Ozunguliza anaposa masiku a mutu chifukwa pena ndinkamwa panado mutu usanayambe, pongoopa, makamaka tsiku la msonkhano wa makolo kapena la ulendo.

Apa m'pamene anandifotokozera amene amafunika mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo si aliyense wodwala mutu waching'alang'ala. Munthu amene umamugwira kamodzi kapena kawiri pamwezi, namwa bufeni kapena asipulini msangamsanga mutu ukangoyamba, n'kuchira, alibe chifukwa chomwera piritsi masiku 30 pofuna kupewa masiku awiri. Nkhani ya mankhwala oteteza imayamba masiku a mutu waching'alang'ala akafika 4 kapena kuposerapo pamwezi, mwezi ndi mwezi. Imayambanso ngakhale masikuwo ndi ochepa, ngati ukabwera umamugwetseratu munthu kwa masiku awiri kapena atatu ndipo opha ululu sakuthandiza, kapena ngati munthuyo saloledwa kumwa opha ululuwo, monga amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso amene bufeni ndi asipulini angamuvulaze. Gulu lina ndi la anthu onga ine, amene opha ululu asanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Masiku a mutu akafika 15 pamwezi, 8 mwa iwo ali ndi zizindikiro za ching'alang'ala, kwa miyezi yoposa itatu, madokotala amauwerenga ngati mutu waching'alang'ala wokhalitsa. Ine ndinali m'menemo ndi miyendo yonse iwiri.

Chimene chinandipweteka mtima kumva n'chakuti mapiritsi anga a pa okala aja anali mbali ya vutolo. Panado, bufeni kapena asipulini akamamwedwa masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu, mwa munthu amene ali kale ndi mutu waching'alang'ala, amayamba kubweretsa mutu wawo. Umadzuka nawo m'mawa, wolemera, wa mutu wonse, umamwa piritsi, umachepa, mphamvu ya piritsi ikatha umabwerera. Kwa mankhwala osakaniza, aja amene amakhala ndi kafini kapena kodini, malire ake ndi otsika, masiku 10 okha. Chowerengedwa ndi masiku, osati kuchuluka kwa mapiritsi. Kumwa mlingo wokwanira tsiku limodzi mutu ukangoyamba kuli bwino kusiyana ndi kumangolumako piritsi limodzilimodzi sabata yonse. Mizere yambiri ya pa kalendala wanga inali ya mutu umenewu, ndipo mankhwala oteteza akanavutika kuonetsa mphamvu yawo ndikanapitiriza kuwathira panado pamwamba tsiku lililonse.

Asanalembe kanthu anandifunsa mafunso amene poyamba ndinaona ngati akuchoka pa nkhani. Kodi ndili ndi mphumu, kapena ndinayamba ndabanikapo chifuwa chikulira? Ayi. Shuga? Ayi. Ndinayamba ndakomokapo, kapena kuuzidwa kuti mtima wanga umagunda pang'onopang'ono? Ayi. Ndili ndi pakati, kapena ndikufuna mwana wina posachedwa? Ndikulera ndi njira iti? Mutu usanayambe, ndimaona zothwanima kapena mizere yokhotakhota m'maso, kapena kuchita dzanzi mkono ndi milomo? Funso lililonse linali ndi chifukwa chake. Puropuranolo amatha kutseka chifuwa cha munthu wa mphumu, ndipo zimenezo zikhoza kupha. Amachepetsa kugunda kwa mtima, choncho sayenera munthu amene mtima wake ndi wochedwa kale. Kwa wodwala shuga amene amabaya insulini, amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kumamuchenjeza kuti shuga watsika. Za zothwanima m'maso zija, mayi amene amaziona mutu usanayambe sayenera kumwa mapiritsi olera a mahomoni awiri, aja okhala ndi esitirojeni, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Ine sindiziona, ndipo ndinali pa jakisoni wa miyezi itatu, ndiye apo panalibe chosintha. Ndalemba zimenezi chifukwa amayi ambiri sanafunsidwepo funso limeneli.

Ndinawauza, mwamanyazi, za mapiritsi amene ndinaponya mu kabati aja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti tibwerera kwa omwewo, chifukwa sanalephere, sanayesedwe n'komwe. Mankhwala ambiri oteteza ku mutu umenewu anapangidwira matenda ena, kenako anthu anaona kuti amathandizanso ching'alang'ala. Puropuranolo ndi wa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Amitiriputilini ndi wa matenda a kukhumudwa, koma pa mutu amaperekedwa pa mlingo wochepa kwambiri. Topirameti ndi valupuroeti ndi a khunyu. Choncho mukapatsidwa amodzi mwa amenewa, sikuti adokotala akukuganizirani misala kapena khunyu. Ntchito yawo si kuzimitsa ululu umene wayamba kale. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala umatekeseka msanga, tulo tikachepa, chakudya chikachedwa, dzuwa likawomba, mahomoni akasintha. Mankhwalawa amauzolowetsa pang'onopang'ono kuti usamatekeseke ndi zinthu zazing'ono, ndipo kuzolowera kumeneko sikuchitika usiku umodzi.

Tsopano nthawi yake, poti apa m'pamene ndinagwera poyamba. Pali nthawi ziwiri zimene zimaphatikizana. Yoyamba ndi yokwera. Sayambira pa mlingo waukulu, chifukwa thupi lingakane ndi chizungulire ndi kufooka, ndiye amayamba pang'ono n'kumawonjezera pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Yachiwiri ndi yodikira utafika pa mlingo woyenera. Ena amayamba kuona kusintha pakatha milungu inayi, ambiri pakati pa milungu 6 ndi 8, ndipo mankhwala saweruzidwa kuti alephera mpaka munthu atawamwa mosadumphitsa kwa milungu 8 mpaka 12 ali pa mlingo wokwanira. Kuwerengako kumayambira tsiku lofika pa mlingowo, osati tsiku lomeza piritsi loyamba. Mukaphatikiza zonse, ndi miyezi itatu, pena inayi. Ine ndinapereka chigamulo pa tsiku la 12, ngati munthu amene wadzala chimanga Lolemba n'kukafukula Lachisanu kuti aone ngati chabereka.

Anandiuzanso chimene ndiyenera kuyembekezera, ndipo ichi n'chofunika ngati nthawi ija. Mankhwalawa sachotseratu mutu. Amati agwira ntchito ngati masiku a mutu waching'alang'ala atsika ndi theka. Wa masiku 10 akafika pa 5, ndiye kuti zayenda. Kwa munthu wa mutu wokhalitsa, ngakhale kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kumawerengedwa ngati phindu. Phindu lina silioneka pa chiwerengero: mutu umabwera koma wofatsa, umatha maola ochepa, kapena bufeni amene kale sankaumva ayamba kuugwira. Ndikanapanda kuuzidwa zimenezi, mutu woyamba kubwera m'mwezi wachitatu ukanandiponyetsanso mapiritsi mu kabati.

Dongosolo langa linali ili. Milungu iwiri yoyamba, theka la piritsi la mamiligalamu 40 m'mawa ndi theka madzulo. Milungu iwiri yotsatira, piritsi lathunthu m'mawa ndi madzulo. Ndikapita kukaonedwa, ngati mtima ndi magazi zili bwino, tikwere kufika mapiritsi awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kutanthauza mamiligalamu 160 patsiku. Opha ululu ndisapitirire masiku awiri pasabata, ndipo ndizisungira masiku a mtanda okha. Anandiphunzitsa kuwerenga kugunda kwa mtima pa dzanja, zala ziwiri m'munsi mwa chala chachikulu, kwa mphindi yathunthu nditakhala pansi. Tsiku limenelo kunali 84. Anati kukatsika pansi pa 50, kapena ndikamamva ngati ndikomoka poimirira, kapena chifuwa chikayamba kubanika, ndibwere msanga osadikira tsiku limene anandilembera. Uwu unali mlingo wanga, wopimidwa pa thupi langa. Ena amakwanira pa mamiligalamu 80 patsiku, ndipo si mankhwala ogawana ndi mnzako chifukwa choti nayenso mutu umamuvuta.

Epulo anali mwezi woipa kuposa yonse, ndipo ndikufuna amene akuyamba adziwiretu. Masiku khumi oyamba mutu unkandipweteka pafupifupi tsiku lililonse, tulo tosagwira, mtima wa pachala, ana anga ankandizemba. Amenewo sanali mapiritsi atsopanowo, linali thupi likulira panado amene ndinalizolowetsa. Adokotala anali atandichenjeza kuti zimenezi zimatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo tinachita dala kuyambira pa holide kuti ndisavutike ndili kutsogolo kwa kalasi. Bambo a kunyumba ndi amene ankasunga bufeni, ndipo ankandifunsa kuti, "Amake mwana, lero ndi mzere kapena mtanda?" Pena ndinkawakwiyira, koma zinathandiza. Mwezi unatha ndi masiku 16 a mutu, 9 a mtanda. Kuchoka pa 18 kufika pa 16 si chinthu choti munthu n'kuvinira. Ndikanakhala ndekha ndikanati zalephekanso. Koma madeti ozunguliza anali atatsika kuchoka pa 20 kufika pa 8, ndipo nthawi yoyesa mankhwala inali isanayambe n'komwe, poti pa mlingo wathunthu ndinafika kumayambiriro kwa Meyi.

Zovuta za mankhwalawo zinabwera msanga kuposa phindu lake, ndipo ndikuona kuti ichi n'chimene chimagwetsa anthu ambiri: zoipa umazimva sabata yoyamba, zabwino umaziona mwezi wachiwiri kapena wachitatu. Manja ndi mapazi ankazizira, ndipo poti tinkalowa m'nyengo yozizira ndinayamba kugona ndi masokosi. Kachitunda ka popita kusukulu kamene ndinkakwera ndikucheza, ndinayamba kukwera ndikupumira. Ndinkalota maloto ooneka ngati zenizeni, ena oopsa. Nditadandaula, anandiuza kuti ndizimwa a madzulo cha m'ma 5 koloko m'malo modikira nthawi yogona, ndipo malotowo anachepa. Kufookako kunatha patapita milungu ingapo. Kuzizira kwa manja sikunathe. Mtima unakhazikika pa 60 mpaka 64.

Meyi anatha ndi masiku 12 a mutu, 6 a mtanda. Chimene ndinayamba kuzindikira si chiwerengero ayi. Linali Loweruka lina pamene ndinachapa, kupita kumsika dzuwa lili pamutu, kudya nkhomaliro mochedwa, n'kufika madzulo ndikudabwa kuti palibe chachitika. Kale tsiku lotere linali chiitano. Juni anatha ndi masiku 8, a mtanda 4. Julayi masiku 7, a mtanda 3, ndipo awiri mwa atatuwo anagwera pa kadontho kofiira kaja. Mutu wa nthawi yosamba ndi wouma khosi, ndipo kwa ine ndi umene unatsala. Pa kuonedwa kwa kumapeto kwa Julayi, milungu 12 nditafika pa mlingo wathunthu, tinayala makalendala pa tebulo: mitanda 10 ya Malichi, mitanda 3 ya Julayi. Apo m'pamene anati mankhwalawa agwira, tipitirize.

Pali cholakwa china chimene ndinachita mu Okutobala. Ku chipatala mankhwala anali atatha, anandilembera kuti ndikagule ku famase, ndipo poti kunali kumapeto kwa mwezi malipiro asanalowe, ndinati ndidikire masiku anayi. Tsiku lachiwiri mtima unayamba kuthamanga ngati ndathamangitsidwa ndi galu, manja kunjenjemera, thukuta, ndipo tsiku lachitatu mutu unabwera wa mtanda weniweni. Puropuranolo sasiyidwa mwadzidzidzi munthu akamumwa kwa nthawi yaitali, chifukwa mtima umene unazolowera kugwiridwa umalumpha ukamasulidwa kamodzin'kamodzi, ndipo kwa munthu amene ali ndi matenda a mtima zimenezi n'zoopsa kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinkapita kukatenga ena ndikadali ndi a sabata yathunthu m'nyumba. Ndipo ndinkawasunga pamwamba, m'chitini chotseka, chifukwa puropuranolo ndi amitiriputilini onse ndi oopsa mwana akawameza kapena munthu akamwa ambiri nthawi imodzi.

Mng'ono wanga nayenso ali ndi mutu womwewu, poti umayenda m'magazi, amayi athu ankamanga kansalu pamutu n'kudzitsekera m'chipinda. Ataona kuti ine ndapeza bwino anandipempha kuti ndimugawireko. Ndinakana, ndipo tinakwiyitsana, koma iye ali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Atapita yekha kuchipatala anamupatsa amitiriputilini, womwa usiku wokha, kuyambira pa mlingo wochepa. Amayambira pa mamiligalamu 10, kapena theka la piritsi la 25 kumene a 10 kulibe, n'kumakwera pang'onopang'ono. Sabata yoyamba anandiimbira foni kuti, "Achemwali, mankhwala awa andipha ndi tulo, m'kamwa mwauma gwa." Ndinamuuza zimene ndinaphunzira, kuti afunse za nthawi yomwera asanaganize zosiya. Anamuuza kuti azimwa maola awiri kapena atatu asanagone kuti tulo take tithere usiku, osati m'mawa ali pa ntchito. Kwa iye zinamukomera pawiri chifukwa ankavutikanso kugona. Ananenepako, ndipo amadandaula za kudzimbidwa, koma masiku ake anatsika kuchoka pa 8 kufika pa 4, ndipo nayenso anayamba kuona kusinthako m'mwezi wachiwiri.

Oyamba akakanika atayesedwa mokwanira, sikuti nkhani yatha. Amasintha n'kuyesa ena, ndipo kuwerenga kwa milungu kuja kumayambiranso. Kwa ife amayi a msinkhu wobereka pali chenjezo lalikulu pa awiri a khunyu aja. Valupuroeti amavulaza mwana m'mimba, kumupundula ndi kusokoneza kakulidwe ka ubongo, moti sayenera kuperekedwa chifukwa cha mutu kwa mayi amene angatenge pakati. Topirameti nayenso angavulaze mwana wosabadwa, ndipo amatha kufooketsa njira zina zolera za mahomoni. Aliyense amene ali pa mankhwala oteteza, kaya ndi ati, akafuna mwana akambirane ndi adokotala asanatenge pakati, osati atazindikira kale. M'mayiko olemera muli majakisoni obaya kamodzi pamwezi opangidwira mutu waching'alang'ala weniweniwo, amene woyamba anavomerezedwa ku Amereka mu 2018, koma ndi odula kwambiri, ndipo ngakhale kumeneko nthawi zambiri amaperekedwa kwa amene ayesa kale mapiritsi akalewa osathandizidwa.

Ndisaiwale chinthu chimodzi chimene adokotala anabwereza kawiri. Kukhala ndi mutu waching'alang'ala sikutchinga matenda ena, ndipo munthu wozolowera ululu amachedwa kuthamangira kuchipatala. Mutu umene wabwera mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga n'kufika pachimake m'kamphindi, mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, wobwera ndi kufooka mbali imodzi, kukomoka kapena kusokonekera, mutu watsopano kwa munthu wopitirira zaka 50, kwa mayi woyembekezera, kapena kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka Edzi, umenewo si wolemba pa kalendala. Ndi wopita nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo thupi likatentha, malungo amayezetsabe ngati kale.

Funso limene ndinkaopa kufunsa linali lakuti kodi ndidzamwa mpaka imfa. Ayi. Mankhwala akagwira, munthu amapitiriza kwa miyezi 6 mpaka 12, kenako amayesa kutsitsa pang'onopang'ono kuti aone ngati mutu wakhazikika wokha. Ena amasiyiratu n'kukhala bwino kwa nthawi yaitali, ena mutu umabwerera ndipo amayambiranso. Ine tinayamba kutsitsa mu Epulo wa chaka chotsatira, piritsi limodzi kuchoka pa mlingo wa tsiku pa milungu iwiri iliyonse, kalendala ali pakhoma. Kuchoka pa anayi kufika pa atatu sipanasinthe kanthu. Pa awiri, limodzi m'mawa limodzi madzulo, mwezi unatha ndi mitanda 3. Nditafika pa limodzi patsiku, mitanda inakwera kufika 6, ndipo ndinadzipeza ndaima pa okala paja ndikufunsa bufeni kachitatu m'sabata imodzi. Tinabwerera pa awiri, mamiligalamu 80 patsiku, theka la mlingo umene ndinachirira, ndipo manja sazizira ngati kale. Tinagwirizana kuti tidzayesenso kutsitsa pa holide yaikulu ikubwerayi. Mwezi wathawu kalendala anali ndi mizere iwiri, mitanda itatu ndi madeti anayi ozunguliza.